Malo Akapezeka Mwadzidzidzi ku Fiyeta: Ndani Aitanidwe Poyamba, Ndipo Apatsidwe Nthawi Yaitali Bwanji?

Boma la Mangochi linali ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa amene amafunika opaleshoni yosakhala ya ngozi amadalira chipatala chachikulu cha pa boma. Tsiku la fiyeta limalowa anthu ochepa, ndipo ngozi za amayi oyembekezera zimayamba ndizo. Choncho munthu wa phudzi, makamaka lija matumbo amatsikira m'munsi mwa mimba, amalembedwa m'kaundula n'kupatsidwa tsiku lakutsogolo. Wina akalephera kubwera, kaya wadwala malungo, kaya kwagwa maliro, dokotala wogonetsa, anamwino ndi zida zophikidwa kale zimakhala pabwalo popanda wothandizidwa, pamene m'kaundula muli anthu amene adikira miyezi.

Foni ya m'manja inafupikitsa ulendo wa uthenga. Ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete anayamba kulumikizana ndi anthu odzipereka a m'midzi kudzera pa mameseji mu 2008, pogwiritsa ntchito FrontlineSMS, ndipo lero kuitana wodwala pafoni si nkhani yachilendo. Chovuta chatsala pa dongosolo: uthengawo upite kwa yani, ndipo adikiridwe mpaka liti.

Vuto la “woyamba kuyankha ndiye watenga”

Njira imene imabwera msanga m'maganizo ndiyo kutumiza meseji imodzi kwa onse a m'kaundula, kapena kuiponya pa gulu la WhatsApp, n'kupereka malowo kwa woyamba kuyankha. Malo amadzaza m'mphindi zochepa, ndipo wolemba kaundula amaoneka ngati sanakondere, poti aliyense walandira uthenga nthawi imodzi.

Koma kulandira nthawi imodzi n'kwa pa kompyuta chabe. Woyamba kuyankha amakhala munthu amene foni ndi yakeyake, ili ndi moto ndi mayunitsi, amawerenga Chichewa, ndipo amakhala pafupi ndi boma moti safunika kuyamba waganiza za thiransipoti. Msodzi wa usipa amene wachezera panyanja usiku wonse amakhala ali mtulo m'mawa. Mayi wa ku Katuli amene analembetsa nambala ya mlamu wake adzaumva uthengawo madzulo, mwina womasuliridwa m'Chiyao. Wa ku Makanjira, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma, sangayankhe asanadziwe ngati ndalama ya matola ndi womudikirira apezeka. Njirayi ikabwerezedwa chaka chonse, anthu a pafupi amadumpha mzere mobwerezabwereza popanda amene wapereka chiphuphu.

Palinso chisokonezo china: anthu atatu amatha kunyamuka onse poganiza kuti malowo ndi awo, awiri n'kubwezedwa atawononga kale ndalama. Za gulu la WhatsApp, aliyense amaona nambala ya mnzake n'kudziwa kuti akudikira opaleshoni, ndipo phudzi ndi matenda amene amuna ambiri safuna kuti amveke pamudzi.

Ntchito yaikulu imachitika malo asanapezeke

Liwiro ndi chilungamo zimayendera limodzi pokhapokha mzere utakonzedwa kale. Pa tsiku lolemba wodwala, dokotala aike dzinalo m'gulu malinga ndi kukula kwa vuto: phudzi limene layamba kuvuta kubwerera m'kati kapena likulepheretsa munthu kugwira ntchito likhale patsogolo pa limene silipweteka. M'gulu lililonse, wolembedwa kale ndiye ali kutsogolo. Mfundo ziwiri zokhazi, kukula kwa vuto ndi tsiku lolembedwa, n'zimene zimakonza mzere. Kutalika kwa mudzi sikulowapo.

Tsiku lomwelo wodwala afunsidwe mafunso amene adzapulumutse nthawi pambuyo pake. Angafike pa chipatala patapita maola angati atamva uthenga? Nambala yachiwiri ndi ya yani, ndipo akulola kuti munthuyo auzidwe? Amamva bwino Chichewa kapena Chiyao, ndipo amawerenga? Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake ndi ndani? Funso la mlangizi n'lofunika kwambiri m'mbali mwa nyanja, kumene asodzi amasamuka madooko potsata nsomba, ndiponso m'mabanja amene mwini foni amatha kupita ku Joni nambala n'kuzima. Wodwala apatsidwe nambala yake ya pa mzere, ilembedwe m'buku lake la kuchipatala, auzidwenso nambala ya foni imodzi yokha imene chipatala chidzaitanire, ndi kuti sadzapemphedwa ndalama iliyonse pa Airtel Money kapena Mpamba pofuna malo.

Chitsanzo: malo apezeka Lachiwiri m'mawa

Chitsanzo ichi n'chongoyerekeza, koma mitunda ndi zofunika zake n'zenizeni. Opaleshoni ili Lachinayi, ndipo odwala amagonekedwa Lachitatu pofika 3 koloko masana kuti ayezedwe kuchuluka ndi kuthamanga kwa magazi. Lachiwiri 10 koloko m'mawa, mmodzi akuimba kuti sabwera. Patsala maola 29.

Maola amenewa asaperekedwe onse kwa munthu mmodzi, komanso asagawidwe mofanana. Woyamba pa mzere ndi nambala 14, wa ku Makanjira, wadikira miyezi 7, ndipo amapezeka kudzera kwa mlangizi. Kuti afike Lachitatu masana ayenera kunyamuka m'bandakucha, ndiye ayenera kudziwa lero. Apatsidwe maola anayi, mpaka 2 koloko, poti uthenga wake uyenda ndi njinga usanafike m'khutu mwake. Wachiwiri, nambala 22, wa ku Namwera, ali ndi foni yakeyake. Ngati woyamba wakana kapena sanapezeke, apatsidwe kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko. Wachitatu, nambala 31, amakhala kwa Mponda, ndipo angauzidwe ngakhale Lachitatu m'mawa. Mwa njira iyi wakutali walandira mpata weniweni, ndipo malowo sangapite pachabe chifukwa wapafupi adakalipo kumapeto.

Meseji ikhale yosapitirira zilembo 160, kuti ipite ngati imodzi:

```
Chipatala cha boma: nambala 14, malo apezeka Lachinayi. Fikani Lachitatu 3 koloko. Yankhani EYA kapena AYI pofika 2 koloko Lachiwiri. Mukakana dzina silichoka.
```

Mulibe dzina la munthu kapena la matenda, chifukwa wotsegula foni sadziwika. Mulibenso mawu akuti “lero” kapena “mawa”, poti meseji ikachedwa ndi netiweki, “mawa” amasanduka tsiku lolakwika. Chiganizo chomaliza chija chisamasiyidwe. Munthu woopa kufufutidwa amavomera ngakhale akudziwa kuti alibe ndalama ya ulendo, kenako sabwera, malo n'kutayika kawiri.

Meseji yokha siikwanira. Foni ikasonyeza kuti uthenga wafika, zikungotanthauza kuti foniyo ndi yoyaka, osati kuti mwini nkhani wamva. Pakatha mphindi 30 popanda yankho, wotumiza aimbe, akalephera ayese nambala yachiwiri, kenako mlangizi. Wopanda mayunitsi aloledwe kungofulasha kuti chipatala chimuimbire. Nthawi yomalizira kuyankha isamagwe Lachisanu masana, anthu ambiri ali ku mzikiti.

Nambala 14 akavomera, malowo atsekedwe m'kaundula nthawi yomweyo, ndipo wotumiza amuimbire kumufunsa ngati thupi silikutentha, sakutsokomola, ndiponso ngati akumwa mankhwala ake a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga. Kufunsa kwa mphindi ziwiri kumapewetsa ulendo wa tsiku lathunthu wokabwezedwa pakhomo la wodi. Akanena kuti chotupacho chauma, sichikubwerera, chikupweteka kwambiri ndipo akusanza, imeneyo si nkhani ya mzere ayi: apite ku chipatala chapafupi pompo kuti atumizidwe ngati wa ngozi.

Akakana chifukwa cha thiransipoti, chifukwacho chilembedwe, ndipo akhalebe woyamba pa mpata wotsatira. Akapanda kupezeka, kaundula anene kuti “sanapezeke”, osati “anakana”. Kusapezeka kawiri kapena katatu n'chizindikiro choti mlangizi akamuyendere, poti mwina wasamuka, wathandizidwa kwina, kapena wadwalika.

Malo akapezeka m'mawa wa tsiku lomwelo

Apa mzere sungatsatidwe momwe ulili. Ngati Lachinayi 7 koloko m'mawa wodwala wa mu wodi wapezeka ndi malungo, wolowa m'malo mwake ayenera kukhala woti afika msanga, woyezedwa kale, komanso woti akhala maola 6 osadya chakudya ndi maola awiri osamwa madzi asanagonetsedwe. Amene wamwa phala 7 koloko sangalowe fiyeta isanakwane 1 koloko masana. Wa ku Makanjira kapena ku Monkey Bay sangathe, ndipo kumudikira n'kutaya malowo. Aitanidwe okhawo amene ananena kuti angafike m'maola awiri, motsatabe mzere wawo, aliyense apatsidwe mphindi 15, ndipo pakhale kuimba m'malo mwa meseji.

Chilungamo chimabwezeretsedwa pa sitepe yotsatira, imene kawirikawiri imaiwalika. Nambala 31 wa kwa Mponda akalowa lero, tsiku limene anapatsidwa kale, mwina la masabata atatu akubwerawa, latsala lopanda mwini. Tsiku limenelo lisaperekedwe kwa wobwera kumene kapena kwa wina wapafupi. Liperekedwe kwa woyamba pa mzere amene anadumphidwa chifukwa cha mtunda, ngati tsikulo likufulumira kuposa lake. Masabata atatu amamukwanira kugulitsa nsomba kapena mbewu, kupeza womudikirira ndi kuona mmene msewu ulili nthawi ya dzinja. Kulephera kwa munthu mmodzi kwafulumizitsa anthu awiri, ndipo tsiku limene wachiwiriyo wasiya lingapitenso kwa wachitatu.

Kudziwa ngati dongosolo likukondera

Kukondera kwa mtundu uwu sikuoneka pa tsiku limodzi, choncho kuyesa kulikonse kulembedwe: nambala ya wodwala, nthawi yotumizira, njira, yankho, ndi dzina la wotumiza. Mbiri yomweyi imateteza namwino kapena kalaliki pamene mphekesera zayamba zoti malo amapita kwa achibale.

Pakatha miyezi itatu, awerenge zinthu ziwiri. Choyamba, mwa malo amene anatseguka, ndi angati anadzazidwa. Chachiwiri, ayerekeze amene ali pa mzere ndi amene anafulumizidwa. Ngati theka la anthu a m'kaundula ndi ochokera kutali koma mwa anthu 20 ofulumizidwa akutali alipo atatu okha, pali pamene pakudontha. Ayang'ane ngati nthawi yoyankhira ikufupika kwambiri, ngati alangizi akuimbiridwa n'komwe, kapena ngati masiku osiyidwa aja akuperekedwadi kwa odumphidwa. Kuyerekeza komweku kuchitike pakati pa okhala ndi foni yawoyawo ndi obwereka, ndiponso pakati pa amene analembedwa kuti amamva Chichewa ndi amene amafuna uthenga m'Chiyao.