Kusamba kukasiya zaka 40 zisanakwane

M'midzi ya ku Tsangano ndi Macanga, mayi akatha miyezi osapita kumwezi, anthu amayamba kuyang'ana mimba. Mimba ikapanda kuoneka, nkhani imatembenuka: ena amati anamangidwa, apongozi amayamba kung'ung'udza, ankhoswe amaitanidwa. Ndi ochepa amene amaganiza zoti timatumba ta mazira tingafooke nthawi isanakwane.

Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka pafupifupi 50. Koma pafupifupi mmodzi mwa amayi 100 alionse, mwinanso kuposerapo, zimamuchitikira asanafike zaka 40. Timatumba tija timasiya kutulutsa dzira mwezi ndi mwezi, ndipo homoni ya esitirojeni imachepa m'thupi. Kwa ena gwero lake ndi chibadwa, ena chitetezo cha thupi chimaukira timatumbato, ena ndi mankhwala a khansa kapena opaleshoni. Koma kwa ambiri, ngakhale atapimidwa bwanji, chifukwa chake sichipezeka.

Tiyerekeze mayi wa zaka 31 wa kufupi ndi Furancungo, mlimi wa fodya, wa mwana mmodzi amene analeka kuyamwa kalekale. Msambo wake unayamba kudumphadumpha, kenako wasowa miyezi isanu. Usiku wa mu Juni, kunja kukuzizira, iye amadzuka thukuta lili kamukamu, n'kutaya bulangete. Kumaliseche kwauma, moti zakuchipinda zimamupweteka.

Akafika kuchipatala, namwino amayamba ndi kuyeza mkodzo kuti aone ngati ali ndi pakati. Kenako amafunsa za kulera, chifukwa jakisoni wa miyezi itatu amaimitsa msambo, nthawi zina mpaka miyezi ingapo munthu atasiya kubayitsa. Kuyamwitsa, kuwonda kwambiri ndi matenda a chithokomiro nazonso zimaimitsa msambo. Zonsezi zikapanda kupezeka, ndipo msambo wasowa kapena wasokonekera kwa miyezi inayi, pamafunika kuyeza magazi.

Papepala la ku labotale pamalembedwa FSH. Iyi ndi homoni yochokera m'mutu imene imadzutsa timatumba ta mazira. Timatumbato tikapanda kuyankha, thupi limaichulukitsa, ngati munthu amene akukweza mawu poitana mnzake wosamva. FSH ikapitirira 25 IU/L, ndiye chizindikiro cha vutoli, ndipo pakakhala chikayiko amayezanso pakatha milungu inayi kapena kuposerapo. Mayi amene akumwa mapilitsi olera auze dokotala, chifukwa mapilitsiwo amatsitsa FSH n'kubisa vuto. Kuyeza kotere kumafuna labotale yaikulu, choncho mayi wa kumudzi apemphe kalata yopita nayo kwa dokotala wa amayi, monga ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete.

Funso loyamba la mayi wathu lidzakhala lakuti: "Kodi ndidzaberekanso?" Mwayi ndi wochepa, koma sikuti watheratu. Timatumbati nthawi zina timadzuka tokha, ndipo amayi asanu mpaka khumi mwa 100 amadzatenga pakati mosayembekezera. Palibe mankhwala, a kuchipatala kapena azitsamba, amene atsimikizika kuti amabwezeretsa mazira. Banja lisagulitse ng'ombe kapena kuthera ndalama za mbatata kwa munthu wolonjeza kumasula chiberekero. Njira yodalirika ndi kulandira dzira la mayi wina, koma imeneyi imachitika m'zipatala zapadera zakutali ndipo ndi yodula zedi.

Banja likamalira mwana, mafupa amakhala akudyeka mwakachetechete. Esitirojeni ndi amene amateteza fupa kuti lisaphwanyike msanga kuposa mmene likumangidwira. Mayi wa zaka 31 uja angakhale zaka pafupifupi 20 wopanda chitetezo chimene anzake ali nacho. Samva kuwawa kulikonse, mpaka tsiku limene adzaterereke ali ndi ndowa pamutu n'kuthyoka dzanja, kapena msana kuyamba kupindika. Makina otchedwa DXA amayeza kulimba kwa mafupa, koma kusowa kwake sikuletsa kuyamba chithandizo.

Chithandizocho ndi kubwezera esitirojeni mpaka zaka pafupifupi 50. Ngati chiberekero chilipo, amaphatikiza ndi pulojesiteroni kuti khansa isayambe m'chiberekeromo. Mankhwalawa amachotsa thukuta la usiku ndi kuteteza mafupa komanso mtima, koma saletsa kutenga pakati. Kumene sapezeka, dokotala angapereke mapilitsi olera a mahomoni awiri. Amene anadwalapo khansa ya bere kapena magazi kuundana m'mitsempha anene msanga, asanalandire kanthu.

Pakhomo, matemba odyera limodzi ndi minga yake, mkaka ndi bonongwe zimapereka kashiamu, kuyenda ndi kulima kumalimbitsa fupa, ndipo fodya ndi wolima basi, osati wosuta. Komabe izi sizilowa m'malo mwa esitirojeni.

Mayi, ngati simunafike zaka 40, mulibe pakati, simukuyamwitsa kapena kulera, koma miyezi inayi yatha osasamba, pitani kuchipatala mukapemphe kuyezedwa FSH. Bambo, muwaperekeze.