Kukopera mayankho a pa foni sikukonzekera mayeso

M'madera ambiri a kumidzi ana asukulu akutumizirana pa WhatsApp zithunzi za mafunso a mayeso akale a MANEB pamodzi ndi mayankho ake. Makolo akaona kope litadzaza amakhazika mtima pansi. Koma mphunzitsi wina wothandiza ana masamu akaweruka kusukulu adalembera kalata mayi wa mtsikana wa Folomu 2 yofotokoza chifukwa chake kope lotere limanyenga.

M'kalatamo adatchula funso limodzi. Mlimi wagulitsa mbuzi pa K60,000 ndipo wapindula 20 peresenti ya mtengo umene adagulira. Kodi mbuziyo adaigula ndalama zingati? Pachithunzi padalembedwa 60,000 × 100 ÷ 120 = 50,000, ndipo mtsikanayo adakopera bwinobwino.

Patapita masiku awiri mphunzitsiyo adasintha liwu limodzi lokha: mlimi sadapindule koma adaluza 20 peresenti. Mwanayo adagawanso ndi 120 n'kupeza K50,000, osazindikira kuti munthu woluza sangagule motsika kuposa mmene wagulitsira. Adayenera kugawa ndi 80 n'kupeza K75,000.

Apa ndi pamene padagona nkhani ya kalatayo. Nambala ya 120 sidagwe kumwamba. Mtengo wogulira umaimira 100, ukaonjezapo phindu la 20 umakhala 120, ukachotsapo 20 wotayika umatsala 80. Ganizo limeneli lidachitika m'mutu mwa amene adayankha funsolo, ndipo kamera siijambula maganizo. Wokopera amalandira ufa wogayagaya, chigayo osachiona. Powerenga yankho la mnzake zonse zimaoneka zomveka, mwana n'kumadziyesa wadziwa, chonsecho m'chipinda cha mayeso mulibe foni, ndipo ntchito yaikulu ndi kusankha yekha poyambira. Komanso zithunzi zina zimafika mzere wina utadulidwa kapena yankho lili lolakwa, ndipo wokopera alibe njira yodziwira.

Mphunzitsiyo sadapemphe kuti foni ilandidwe, ndipo adachita bwino, pakuti m'nyumba zosowa mabuku zithunzizi n'zothandiza. Adangosintha ndondomeko. Mwana ayambe walimbana ndi funso kwa mphindi 10 foni ili kwa mayi ake. Kenaka ayang'ane yankho, apeze mzere umene wasokonezera, atseke foni n'kuyambiranso papepala lina. Mawa lake abwereze funso lomwelo manambala atasinthidwa.

“Mayi, musade nkhawa kuti masamuwa simudawaphunzire,” idatero kalatayo. “Lozani nambala iliyonse m'kopemo ndi kumufunsa kuti yachokera kuti. Akayankha kuti ndi mmene zidalembedwera pachithunzi, dziwani kuti funsolo sadalimvetse. Mukaonanso kope lopanda pofufuta paliponse, mundidziwitse.”

Mlangizi kapena wantchito za chitukuko amene amacheza ndi magulu a makolo angathe kuyesa funso la mbuzili pamsonkhano, pakuti alimi ambiri amadziwa kale kusiyanitsa phindu ndi kuluza ngakhale popanda cholembera.