Nkhama zikamatuluka magazi kwa wodwala shuga, musangoti ndi mswachi

Munthu akapezeka ndi matenda a shuga, ku chipatala amamuuza za maso, impso ndi mapazi. Za m'kamwa sizitchulidwa kawirikawiri, ndipo wodwalayo sazinena, poganiza kuti dzino ndi nkhani ina. Koma madokotala akhala akudziwa kwa nthawi yaitali kuti shuga ndi matenda a nkhama amayendera limodzi. Mu 1993 katswiri wa mano dzina lake Harald Löe analemba kuti matenda a nkhama ndi vuto lachisanu ndi chimodzi lobwera ndi shuga, kuonjezera pa mavuto odziwika aja a maso, impso, mitsempha ndi ena. Chimene chadziwika bwino kuchokera nthawi imeneyo ndi chakuti awiriwa amapatsana mphamvu. Shuga amaononga nkhama, ndipo nkhama zodwala zimakwezanso shuga.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'kamwa. Pamene dzino limakumana ndi nkhama pali kampata kakang'ono, kosapitirira mamilimita 3 kuya kwake ngati munthu ali bwino. Tizilombo tosaoneka ndi maso timamanga malo pamenepo, mu litsiro lofewa lija limene mumalimva ndi lilime mukagona osatsuka mano. Likakhala masiku angapo limauma n'kukhala ngati mwala wachikasu kapena wakuda, ndipo zikatero mswachi sungalichotse. Nkhama zimatupa, zimafiira, zimatuluka magazi. Apa ndi pamene ambiri timati chiseyeye. Pa siteji imeneyi matendawa amatha ndithu munthu akasamala. Akalekerera, kampata kaja kamasanduka thumba la mamilimita 4, 6 kapena kuposa, ndipo fupa limene lagwira dzino limayamba kudyeka. Fupa limenelo likapita silibwerera lokha. N'chifukwa chake dzino labwinobwino, lopanda bowo, limayamba kugwedera.

Munthu wa shuga ali pa chiopsezo chodwala matendawa kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi amene alibe shuga, makamaka ngati shuga wake amakhala wokwera nthawi zambiri. Zifukwa zake n'zomveka. Shuga akachuluka m'magazi, asilikali a m'thupi amene amagwira tizilombo amafooka, koma nthawi yomweyo thupi limatupa mopitirira muyeso, moti m'malo mongopha tizilombo limaononganso nyama ndi fupa lake lomwe. Timitsempha ting'onoting'ono todyetsa nkhama timaonongeka ngati mmene timaonongekera m'maso ndi m'mapazi, ndiye chilonda chimachedwa kupola. Ambiri amaumanso m'kamwa chifukwa chokodza pafupipafupi, pomwe malovu ndi amene amatsuka mano usana wonse.

Mbali yachiwiri ndi imene anthu ambiri sanaimvepo. Mkati mwa thumba lililonse la m'nkhama muli chilonda chotseguka. Mukaphatikiza zilonda za mano makumi awiri kapena kuposa, mupeza chilonda chimene chikanakhala pa mwendo palibe akanachisiya osamanga. Chifukwa chili m'kamwa ndipo sichipweteka, munthu amayenda nacho zaka. Munthu akamatafuna, tizilombo ndi poizoni wake timalowa m'magazi kudzera m'chilondacho, ndipo thupi limakhala pa nkhondo yosatha. Nkhondo imeneyi imasokoneza ntchito ya insulini, amene amatsegulira shuga njira yochoka m'magazi kulowa m'minofu. Insulini akamagwira ntchito mofooka, shuga amatsalira m'magazi, nkhama zimaonongeka kwambiri, ndipo zinthu zimangozungulira choncho. Kafukufuku amene anachitika pakati pa anthu a mtundu wa Pima ku Arizona, m'dziko la Amereka, kumene matenda a shuga ndi ofala kwambiri, anaonetsa kuti odwala amene anali ndi matenda aakulu a nkhama shuga wawo ankavuta kutsika m'zaka zotsatira, ndipo ankafa ndi matenda a mtima ndi impso kuposa anzawo a nkhama zabwino.

Tiyerekeze mayi wa zaka 52, mlimi wa chimanga ndi mbatata ya kachewere kuno ku Angonia. Amamwa metifomini monga anauzidwira, sadumphitsa. Koma akapita kukayezetsa m'mawa asanadye, makina amaonetsa 11, ulendo wina 12. Namwino amamufunsa za kukula kwa nsima, iye amati wachepetsa, ndipo sakunama. Palibe wamuyang'ana m'kamwa. Chikhalirecho akamatsuka mano amalavula magazi, ndipo analeka kutsuka mbali imene imatuluka magaziyo poopa kudzivulaza. Mano awiri a kutsogolo, a m'munsi, ayamba kutalikirana ndipo akuoneka aatali kuposa kale. Adzukulu amatembenuza nkhope akamawalankhula pafupi.

Pali chinanso chimene sanachiganizire. Popeza mano akugwedera, anasiya chimanga chootcha, mtedza, nyama ndi ndiwo zamasamba zolimba. Tsopano amadalira phala, buledi woviika mu tiyi, nthochi zakupsa kwambiri ndi thobwa, zonse zofewa komanso zokweza shuga msanga. Choncho mano akumukwezera shuga m'njira ziwiri, kudzera m'magazi ndi kudzera m'mbale.

Mayiyu akafika kwa wa mano, amamuyeza kuya kwa matumba aja ndi kachitsulo kolembedwa mamilimita, kenaka amapala mwala uja pamwamba ndi pansi pa nkhama mpaka muzu wa dzino utasalala. Nthawi zina ntchitoyi imafuna maulendo awiri kapena atatu. Dzino limene fupa lake latheratu amalizula, ena otsala amatha kulimbako kutupa kukatha. Nanga shuga? Pali muyeso wotchedwa HbA1c, umene umaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi itatu yapitayo, ndipo kwa akuluakulu ambiri cholinga chimakhala kufika cha m'ma 7. Kafukufuku wambiri ataphatikizidwa pamodzi anaonetsa kuti kupala mano kotereku kumatsitsa muyesowu ndi pafupifupi 0.4 pakatha miyezi itatu kapena inayi. Ndiye kuti wa 9.0 angafike cha pa 8.6. Si chozizwitsa, ndipo pasapezeke wina wonena kuti wailesi yati mukatsukitsa mano musiye mapiritsi. Koma kutsika kumeneku si kochepa kwa munthu amene wayesetsa zina zonse.

Mawu pang'ono pa manambala, popeza ambiri a inu mumayezetsa mbali zonse ziwiri za malire. Makina ena amawerenga mu mmol/L, ena mu mg/dL. Kuti musinthe, chulukitsani nambala yaing'onoyo ndi 18. Ndiye kuti 7 ndi chimodzimodzi ndi 126, ndipo 11 ya mayi uja ndi pafupifupi 200. Ngati kuno anakulemberani 9 ndipo kutsidya akulemberani 160, shuga sanakwere, ndi muyeso womwewo.

Tsono wodwala aziyang'ana chiyani? Chizindikiro choyamba ndi magazi, pa mswachi, pa nzimbe kapena pa chimanga chimene mwaluma. Nkhama zabwino sizituluka magazi ngakhale mutatsuka tsiku ndi tsiku. Kamodzi pa sabata tengani kagalasi, mukhale poyera, mukweze mlomo. Nkhama zabwino zimakhala zolimba ndipo zimagwira dzino mothina, kaya ndi zofiirira kaya zakuda mwachibadwa. Zodwala zimatupa, zimanyezimira, ndipo mukazidina ndi chala choyera pamatha kutuluka mafinya. Onaninso ngati mano ayamba kutalikirana, ngati sakukumananso monga kale mukatseka pakamwa, ndiponso ngati fungo silikutha mutatsuka. Zoyerayera pa lilime kapena m'masaya zimene mukazipala pamatsala pofiira ndi mafangasi, ndipo nthawi zambiri zimasonyeza kuti shuga wakwera. Musadikire ululu. Matendawa amadya fupa mwakachetechete, ndipo ululu umabwera mochedwa.

Osuta fodya asamale kawiri. Fodya amafinya timitsempha ta m'nkhama, ndiye magazi satuluka ngakhale matenda atafika patali. Munthu amaona ngati ali bwino mpaka tsiku limene dzino lagwedera. Fodya ndi shuga zikakumana, fupa limatha msanga ndipo chithandizo sichigwira bwino. Komanso amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi monga amulodipini kapena nifedipini adziwe kuti kwa ena mankhwalawa amakulitsa nkhama mpaka kuyamba kuphimba mano. Musawasiye nokha, kauzeni amene anakulemberani.

Pali zizindikiro zimene sizigona. Ngati tsaya kapena pansi pa chibwano patupa, thupi latentha, mukuvutika kuyasamula kapena kumeza, pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale kuli kokolola. Kwa munthu wa shuga chithupsa cha m'kamwa chimafalikira msanga ndipo chimakweza shuga kwambiri. Makapisozi ogula pa msika angachepetse kutupa masiku ochepa, koma mwala ndi mafinya zimatsala pomwepo. Kuika piritsi la asipirini pa nkhama kumangozitentha.

Ngozi ina ndi yosiyana ndi imeneyi. Dzino likamapweteka, kapena atangolizula, munthu amaleka kudya koma amamwabe mankhwala. Kwa amene amamwa gilibenikilamidi kapena kubaya insulini, shuga amatha kutsika kupitirira 3.9, kapena kuti 70, ndipo amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka mutu. Zikatero amwe msanga madzi osungunuliramo masupuni atatu aang'ono a shuga, kenaka adye. N'chifukwa chake tsiku lokazula kapena kukapalitsa mano ndi bwino kupita m'mawa mutadya ndi kumwa mankhwala monga mwa masiku onse, mutatenga khadi lanu, ndipo musanakhale pa mpando nenani kuti muli ndi shuga. Mufunsenso zimene mudzadye madzulo ake. Zipatala zing'onozing'ono zambiri zilibe wa mano, ndiye pemphani kalata yopita ku chipatala cha boma lanu kapena ku chipatala chachikulu cha Tete. Pa Chipwitikizi gawo la mano amalitchula kuti esitomatolojiya, ndipo ndi mawu amene mufunse mukafika pa chipata.

Kunyumba ntchito yake ndi yochepa koma ya tsiku lililonse. Tsukani kawiri, makamaka usiku musanagone, kwa mphindi ziwiri, ndi mswachi wofewa wopendekera pamene dzino lakumana ndi nkhama. Pamene pakutuluka magazi ndi pomwe pakufunika kutsukidwa kwambiri, mofatsa. Ngati vuto likadali pamwamba, magazi amachepa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo akapitirira ndiye kuti pansi pali mwala wofunika wa mano. Kamtengo kotsukira mano kamathandiza ngati nsonga yake yatafunidwa bwino n'kufewa, koma makala, phulusa ndi mchenga zimapala dzino ndi kuvulaza nkhama. Pakamwa pakauma imwani madzi, osati maswiti kapena zakumwa za m'botolo.

Nkhaniyi ikukhudzanso amene sanayezetsepo. Anthu ambiri ali ndi shuga osadziwa, ndipo kwa ena chizindikiro choyamba chimaonekera m'kamwa. Ngati zithupsa za m'nkhama zikubwerabwera, mano akugwedera musanakalambe, kapena bala la dzino lozulidwa lachedwa kupola, makamaka ngati mukumvanso ludzu ndi kudzuka kangapo usiku kukakodza, pemphani kuti akuyezeni shuga. Ndi dontho limodzi la magazi a pa chala, ndipo pitani m'mawa musanadye kanthu kuti nambala yake ikhale yodalirika.