Kuzindikira Bakiteriya Wapachilonda

Mafinya apachilonda akameretsa bakiteriya wooneka ngati timipira pa maikulosikopu, woyeza amayamba ndi katalezi. Amatapa pang'ono bakiteriyayo n'kumuika m'dontho la haidirojeni perokisaidi wa 3 peresenti. Thovu likatuluka pompo, ndiye kuti ndi wa gulu la stafilokokasi, chifukwa stirepitokokasi satulutsa thovu. Potapa pamafunika kusamala kwambiri, poti magazi a m'mbale yomeretsera nawonso amachititsa thovu, ndipo angasokeretse woyeza.

Kenako pamabwera koyagulezi. Bakiteriyayo amasakanizidwa ndi madzi a m'magazi a kalulu n'kusungidwa pa madigiri 37. Madziwo akaundana pasanathe maola anayi, ameneyo ndi stafilokokasi oriyasi, woyambitsa zithupsa. Akapanda kuundana, amaonedwanso m'mawa mwake.