Kodi mumadziwa? Za nkhuku yaiwisi ndi thabwa lodulirapo

Ku Kanyama timachita lendi awiri, ine ndi mnzanga. Firiji ndi imodzi, mpeni umodzi, thabwa lodulirapo ndiwo linalinso limodzi. Loweruka lina tinagula nkhuku kumsika wa Soweto. Mnzanga anaiduladula, natsukuluza thabwa ndi madzi okha, nkudulirapo matimati ndi anyezi oti tidye osaphika. Lachiwiri tonse tinali kupikisana pakhomo la chimbudzi. Kalata imene ndinamata pachitseko cha firiji titachira ndi iyi.

Asisi, musaone ngati ndikukudzudzulani, nanenso izi sindinkazidziwa.

Kodi mumadziwa kuti nkhuku yonenepa bwino imatha kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba? Todziwika kwambiri ndi kampilobakita ndi salimonela. Timakhala m'matumbo a nkhuku, ndipo timafika pakhungu ndi pamnofu poisosola ndi poitumbula. Nyamayo sinunkha, sisinthanso mtundu. Kampilobakita amayamba kupweteka pakapita masiku 2 mpaka 5, nchifukwa chake tinkanamizira zitumbuwa za Lolemba pomwe mlandu unali wa matimati a Loweruka.

Kodi mumadziwa kuti madzi sapha tizilomboti? Amangotisamutsa. Mukatsuka nkhuku pampopi, madontho amathovukira pambale, pachitenje ndi pazigubu za anzathu amene ali pamzere. Ya m'pepala yochokera m'sitolo siifunika kutsuka, ingopitani nayo mumphika. Yopha tokha ili ndi timanthenga ndi magazi, choncho muitsukire panja m'beseni lakelake, mofatsa, kutali ndi ndiwo zamasamba. Potumbula samalani kuti matumbo asaphulike. Madziwo mukataye m'chimbudzi, osati pabwalo pomwe ana amakwawa.

Kodi mumadziwa kuti moto ndi umene umamaliza ntchito? Tizilomboti timafa mkati mwa nyama mukatentha kufika madigiri 75. Choyezera tilibe, koma mpeni ulipo. Bayani ntchafu mpaka pafupa: mukaona pofiira kapena madzi amagazi, bwezerani pambaula. Yootcha ndiyo imanyenga, imapsa kunja mkati mukadali mwaiwisi.

Kodi mumadziwa kuti mikwingwirima ya mpeni pathabwa imasunga timinofu? Ndagula thabwa lachiwiri. Lomangidwa kansalu kofiira ndi la nyama yokha, linalo ndi la repu, matimati ndi buledi. Mukatha kudula nkhuku, palani zotsalira, tsukani thabwa ndi mpeni m'madzi otentha a sopo, kenako muviike kwa mphindi zingapo m'madzi okwana malita 4 othiramo supuni yaikulu imodzi ya jiki. Tsukuluzani ndi madzi abwino, muliimike padzuwa liume. Musalipukute ndi kansalu ka mbale. Likang'aluka kapena likakumbika kwambiri, lasanduka nkhuni.

Kodi mumadziwa kuti madzi otsukira nawonso angakhale mdani? Kolera ya 2017 mpaka 2018 inavuta kwambiri kuno ku Kanyama, komwe zitsime zosazama zili pafupi ndi zimbudzi zokumba, ndipo mu Januwale 2024 bwalo la masewera la Heroes linasanduka chipatala cha odwala kolera. Madzi a pachitsime muziwawiritsa kapena kuthiramo klorini, nkudikira mphindi 30 musanatsukire thabwa. Manja nawo asambidwe ndi sopo kwa masekondi 20, mpaka m'zikhadabo, musanagwire mchere, foni kapena chitseko cha firiji.

Kodi mumadziwa kuti malo a nkhuku yaiwisi m'firiji ndi pansi penipeni? Ikhale m'chidebe chotseka, kuti madzi ake asadonthere pa ndiwo zophika kale. M'firiji yozizira madigiri 5 kapena kucheperapo, isapitirire masiku 2. Yotsala muigawe m'timapepala tokwana mphika umodzi, muiumitse m'firiza. Poisungunula musaisiye padzuwa: itsitsireni m'firiji usiku wonse. Kunja kwa firiji isakhale maola oposa 2, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala, ola limodzi lokha.

Kodi mumadziwa kuti magetsi akazima firiji imasunga kuzizira kwa maola 4 okha? Apo nkuti simukuitsegulatsegula. Firiza yodzaza imapirira masiku 2, yodzaza theka tsiku limodzi. Mukukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, momwe tinkakhalira mumdima pafupifupi tsiku lonse. Zikateronso, muigwire nkhukuyo. Ikakhala idakali ndi madzi oundana, ibwerere m'firiza. Ikasungunuka koma nkukhala yozizira, iphikidwe tsiku lomwelo. Ikafunda, itayidwe ngakhale isakununkha.

Mtima umawawa kutaya nkhuku yogula ndi ndalama zosonkherana, ndikudziwa. Ndiye masiku amene magetsi akuvuta tizigula zidutswa zokwana tsiku limenelo basi. Loweruka likubwerali wophika ndine, ndipo matimati ndidzayamba ndadula nkhuku isanatuluke m'pepala.