Kusunga Fayilo Posinthanitsa ndi Yongoyembekezera

Pulogalamu ikamalemba pamwamba pa fayilo yakale, nthawi zambiri imayamba yafufuta zonse zimene zinalimo, kenako n'kulemba zatsopano. Magetsi akathima zili pakati, zakale zapita, zatsopano sizinathe. Fayilo yotere imaoneka ndi kukula kwa mabayiti 0, kapena mawu ake amadukira panjira.

Pofuna kupewa zimenezi, pulogalamu yosamala siikhudza fayilo yeniyeni. Ikamasintha `malipiro.csv` pa Linux, imalemba zonse mu fayilo ina yongoyembekezera, `malipiro.tmp`, m'foda yomweyo. Ikamaliza imaitana `fsync`, lamulo lokakamiza kompyuta kuika zolembazo pa disiki, popeza kawirikawiri zimayamba zakhala m'memore. Pomaliza imaitana `rename`, yomwe imapereka dzina lakale kwa fayilo yatsopano.

Mphamvu ya njirayi yagona pa `rename`. Malamulo a POSIX amafuna kuti kusinthaku kuchitike kamodzin'kamodzi, kotero wotsegula `malipiro.csv` amapeza yakale yathunthu kapena yatsopano yathunthu. Zinthu zikasokonekera kusinthaku kusanachitike, chowonongeka ndi `malipiro.tmp` yokha, ndipo imangofufutidwa.

Komabe njirayi ili ndi malire. `rename` imakana ngati mafayilo awiriwo ali m'magawo osiyana a disiki, n'chifukwa chake amaikidwa m'foda imodzi. Kudumpha `fsync` nakonso n'koopsa: mu 2009 ena ogwiritsa ntchito ext4 ankapeza mafayilo opanda kanthu kompyuta ikazima mwadzidzidzi, chifukwa dzina linkasintha zolembazo zisanafike pa disiki. Ndiponso disiki imafunika malo okwanira mafayilo onse awiri mpaka kusinthanitsako kutatha.