Nsinjiro, Soya ndi Chitowe m'Phala la Mwana: Kuyamba Bwino ndi Kuzindikira Ziwengo

Madokotala ofufuza anapeza chinthu chodabwitsa mu 2008. Ana achiyuda okulira ku Britain ankadwala ziwengo za mtedza kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi anzawo a ku Israel, ngakhale kuti mtundu ndi umodzi. Kusiyana kunali m'mbale. Ku Israel makanda ankamung'unya kachakudya kofewa ka mtedza kotchedwa Bamba asanakwanitse chaka, pamene ku Britain makolo ambiri ankawabisira mtedza powopa ziwengo zomwezo.

Pulofesa Gideon Lack wa ku King's College London ndi anzake anaitsata nkhaniyi pa kafukufuku wotchedwa LEAP. Anatenga makanda 640 a miyezi 4 mpaka 11 amene anali kale pachiopsezo, chifukwa anali ndi ekizima yaikulu, nthenda ya khungu louma, loyabwa ndi losweka, kapena thupi lawo linkakana mazira. Ena ankadya mtedza katatu pa mlungu, ena sanaulawe n'komwe mpaka zaka 5. Zotsatira zinatuluka mu 2015: mwa ana 100 alionse osala mtedza, pafupifupi 17 anapezeka ndi ziwengo, koma mwa odya anali atatu okha.

Kuno kwathu phala lothira nsinjiro ndi chakudya cha mwana kuyambira kalekale. Likuni Phala ndi chimanga chosakaniza ndi soya, ndipo Chiponde chimene zipatala zimapereka kwa ana onyentchera n'cha mtedza. Choncho mwana sangazipewe zakudyazi. Chofunika n'chakuti kholo lidziwe kaperekedwe kake koyamba ndiponso zoyenera kuyang'ana mwana akangodya.

Tiyerekeze mwana wamkazi wa miyezi 6, amene wakhala akungoyamwa monga alangizi amanenera kusikelo, ndipo tsopano wazolowera phala la mgaiwa kwa masiku angapo. Mayi ake amasankha tsiku limene mwanayo alibe chimfine, malungo kapena kutsegula m'mimba, kuti chachilendo chilichonse chionekere poyera. Amasankhanso m'mawa, pakhomo, osati madzulo kapena pa ulendo. Amatenga nsinjiro zosefa bwino masupuni awiri a tiyi n'kuziphikira m'phala lochepa, loti mwana alimaliza. Ngati ndi chiponde cha m'botolo, masupuni awiri omwewo amawasungunula ndi madzi otentha masupuni awiri kapena atatu mpaka chipyapyale, n'kudikira chizizire. Chiponde cholimba chimakakamira pakhosi, ndipo mtedza wathunthu umatsamwitsa mwana wosakwana zaka 5.

Akatero amam'patsa pang'ono chabe, kunsonga kwa supuni, n'kudikira mphindi 10. Ngati palibe chachitika amam'dyetsa lotsalalo monga mwa nthawi zonse, kenako amakhala naye pafupi kwa maola awiri. Ena amayesa popaka chiponde pamkono wa mwana, koma njirayi ndi yosadalirika, ndipo mtedza wolowera pakhungu losweka ndi umene ukhoza kuphunzitsa thupi kuuda.

Mwana akaulandira bwino, mtedza uzipezeka m'chakudya chake kawiri kapena katatu pa mlungu. Kulawitsa kamodzi n'kusiya miyezi sikuteteza. Soya ndi chitowe zimayamba mwanjira yomweyi, chilichonse pa tsiku lakelake, kuti vuto likabuka wolakwa adziwike. Soya akhale wokazinga, wogaya ndi wophika bwino, ndipo chitowe chikhale chopera mpaka kusalala.

Mwana wa ekizima yaikulu, kapena amene anatupapo atadya dzira, ayambe waonedwa ndi dokotala asanalawe mtedza. Iyeyu ndi amene angapindule kwambiri ndi kuyamba msanga, komanso ndi amene akhoza kukhala ndi ziwengozo kale.

Nanga ziwengo zimaoneka bwanji? Zimabwera msanga, kawirikawiri pa mphindi zochepa, ndipo sizichedwa kupitirira maola awiri. Pakhungu pamatuluka zidzolo zotukuka ngati polumidwa ndi udzudzu wambiri, zoyabwa, zotha pano n'kutulukira pena. Mabuku ambiri amati zimafiira, koma pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, choncho ndi bwino kusisita ndi chala kuti kutupako kumveke. Milomo kapena zikope zimatupa, mwana amakanda kukamwa, amayetsemula, mwina kusanza. Zikatere chakudya chilekeke pomwepo, ndipo mwana aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Kufiira pang'ono kuzungulira milomo pokha, popanda kutupa, nthawi zambiri kumakhala kunyansidwa kwa khungu basi.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira: kutsokomola kosalekeza, kupuma molira ngati wa mphumu, kulira kosasa mawu, lilime kutupa, kulephera kumeza malovu, milomo ndi m'kamwa kutuwa, kapena mwana kulefuka mwadzidzidzi. Madokotala amati anafilakisisi, ndipo imatha kubwera popanda chidzolo ngakhale chimodzi. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adirenalini wobaya pantchafu. Piritoni amachepetsa kuyabwa koma satsegula njira ya mpweya, ndiye kum'mwetsa n'kumadikira pakhomo ndi kutaya nthawi. Mwana asakakamizidwe kusanza kapena kumwa mkaka. Anyamulidwe chogona, asaimiritsidwe. Ngati akubanika akhalitsidwe tsonga pamiyendo, ngati akusanza agonekedwe chammbali, ndipo ulendo wa kuchipatala uyambe nthawi yomweyo. Akatsitsimuka achipatala amamusungabe maola angapo, chifukwa vutoli limatha kubwereranso.

Soya ali ndi khalidwe linanso. Makanda ena satupa ayi, koma pakatha ola limodzi mpaka maola anayi amasanza mobwerezabwereza, n'kutuwa ndi kufooka. Kosavuta n'kuganiza kuti ndi matenda a m'mimba. Chimene chimaulula ndi kubwereza: tsiku lililonse la phala la soya, kusanza komweko. Mwana wotere amafunika kuchipatala chifukwa madzi amatha m'thupi. Izi zisasokonezedwe ndi mpweya m'mimba wobwera ndi soya wosapsa, kapena kudwala kwa mtedza wachuku, umene ndi poizoni kwa wina aliyense.

Kuchipatala mbiri ndiyo imathandiza kwambiri. Kholo linene chimene mwana anadya, kuchuluka kwake, nthawi imene inadutsa, ndipo ngati linajambula zidzolozo pafoni lionetse. Kuyeza pakhungu kapena magazi kulipo, koma kumatha kuloza chakudya chimene mwana amadya popanda vuto, n'chifukwa chake zotsatira amaziwerenga pamodzi ndi mbiriyo. Mwana wokana mtedza sikuti asale nyemba, nandolo ndi soya. Ngakhale zili banja limodzi, ambiri amazidya bwinobwino.

Ziwengo zikatsimikizika, zilembedwe m'buku la kuchipatala, ndipo agogo, wolera mwana ndi aphunzitsi a kusukulu ya mkaka auzidwe. Ndiwo zotendera, futali ndi mtondo umene wangosinjidwamo mtedza ndi zofunika kusamala. Soya amabisala m'buledi, mabisiketi ndi masoseji. Chitowe chimapezeka pamwamba pa mabanzi ndi m'mafuta ake, ndipo dziko la America linalamula kuti kuyambira pa 1 Januwale 2023 chizilembedwa poyera papaketi. Ana ambiri okana soya amadzamulandira akamakula, koma pa mtedza ndi mwana mmodzi mwa asanu amene zimamuthera, ndipo chitowe nacho chimakonda kukhalitsa. Kuyesanso chakudya chimene chinatupitsapo mwana kumachitikira kuchipatala, pamene adirenalini ali pafupi.